Chemwali, lipoti limene mukulembalo ndi la ndani?

Nkhani yanga lero ndi ya mawu amene ambirife timawamva nthawi yoweruka itayandikira: "Asisi, tandithandizeniko kakang'ono aka, inu mumafulumira." Kakang'onoko kamakhala lipoti la mwezi wathunthu. Mwini wake wanyamula chikwama wapita, inu mwatsala ndi kompyuta mpaka mdima.

Musadzitenge ngati munthu wofooka. Mu 2017, Linda Babcock, Lise Vesterlund ndi anzawo ena awiri ku Amereka adafalitsa kafukufuku pa nkhani yomweyi. Adaika anthu m'magulu a atatuatatu, n'kuwapatsa mphindi ziwiri kuti mmodzi adzipereke kudina batani pa kompyuta. Akadina, gulu lonse limapindula, koma wodinayo amalandira ndalama zochepa kuposa anzake awiri aja. M'magulu osakaniza amuna ndi akazi, akazi ndiwo ankadina kwambiri. Koma atawapatula, amuna paokha akazi paokha, kusiyana kuja kudatha: amuna aja adayamba kudina bwinobwino. Ndiye kuti kudina ankakudziwa, eti? Kungoti pakakhala mkazi, aliyense amadikira kuti achita ndi iyeyo, ndipo mkaziyo naye amadziwa kuti akumudikira. Ofufuzawa adapezanso kuti akazi amapemphedwa kawirikawiri kuposa amuna, ndipo akapemphedwa amavomera kwambiri.

Tsono tibwere nazo kwathu kuno. Tiyerekeze mtsikana amene akugwira ntchito ku bungwe lina pa Liwonde, ntchito yake yeniyeni ndi kuyendera magulu a banki m'khonde kumidzi. Lolemba lililonse amalemba maminitsi a msonkhano ndi kuwataipa, maola awiri. Kukabwera alendo, tiyi ndi fanta amayang'anira ndi iyeyo, ola limodzi. Kukagwa maliro kwa mnzawo wa pa ofesi, woyenda ndi pepala la chipepeso ndi iye yemweyo. Kumapeto kwa mwezi abambo ena amamusiyira mafomu awo kuti awalowetse mu kompyuta, maola asanu ndi limodzi. Mukawonkhetsa, pa mwezi zikupitirira maola 16. Amenewo ndi masiku awiri athunthu a ntchito, mwezi ndi mwezi.

Ndipo taonani mtundu wa ntchito zimene amakupatsiranizo. Palibe amene adakuuzanipo kuti, "Asisi, ndatopa, kandipitireniko ku wekishopu ya ku Mangochi." Ayi ndithu, ya alawansi amapita okha. Imene imatsetserekera kwa inu ndi yopanda ndalama, yopanda dzina. Lipoti lija likafika kwa bwana, pamwamba pali dzina la mwini wake. Likakhala ndi zolakwika, pamenepo ndiye dzina lanu limatuluka: "Adalowetsa ndi chemwali uja." Pofika nthawi younika ntchito pakutha pa chaka, bwana amafunsa magulu anu a kumudzi aja, safunsa tiyi.

Choyamba kuchita si kukana ayi. Gulani kakope, ndipo kwa masabata awiri lembani chilichonse chimene mwagwira chosakhala chanu: tsiku, amene wakupemphani, ntchito yake, maola ake. Kenako tengani kalata imene adakulemberani ntchito ndi pepala lofotokoza udindo wanu, muyerekeze. Popanda kakope aka, mukakadandaula adzati mukungonyinyirika. Mukanena kuti maola 16, amakhala chete n'kumvetsera. Kakopeka kamakuonetsaninso kuti si ofesi yonse imene ikukudyerani masuku pamutu. Kawirikawiri amakhala anthu awiri kapena atatu okha.

Tsopano apa mumvetsere, chifukwa ndi pamene ena amapsa. Mnzanu wa pa ntchito ndi bwana wanu si munthu mmodzi. Lamulo la za ntchito la Malawi la chaka cha 2000 limalola kuchotsa munthu ntchito ngati akana dala malangizo ovomerezeka a womulemba ntchito. Choncho bwana simumuyankha kuti "sindichita". Makolo adati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo kwa bwana nzeru imeneyi imagwira, bola muviike mochenjera. Mumati: "Bwana, ndamva. Pakali pano ndili ndi lipoti la magulu a ku Ntaja limene mukulifuna Lachisanu. Ndikatenga iyi, lija lituluka Lachiwiri. Ndiyambe iti?" Simunakane, koma chisankho mwachibwezera kwa mwini wake, ndipo wadziwa kuti nthawi yanu ili ndi polekezera. Akayankha pakamwa, tumizani kauthenga ka pa foni kotsimikiza zimene mwagwirizana, kuti Lachisanu likafika pasakhale zoiwala.

Koma mnzanu amene muli naye pa mlingo umodzi, nsalu yake musaviike. Mukaviika muchapa, muyanika, musitanso. Yankho likhale lalifupi, laulemu: "Pepani achimwene, sabata ino sinditha, ndili ndi zanga." Basi, lekerani pomwepo. Vuto lathu ndi lakuti timawonjezera zifukwa: mwana akudwala, ndikuthamangira minibasi ya ku Balaka. Chifukwa chilichonse chimene mwapereka, iye amachipezera mankhwala. "Aaa, palibe vuto, mudzapanga mawa m'mawa." Mwagwidwa. Akaumirira, bwerezani mawu omwe aja, osakweza mawu. Akati bwana ndiye wanena, muuzeni kuti, "Chabwino, tiyeni tikawaone limodzi andiuze choti ndisiye." Ngati bwanayo sananene, mudzaona nkhani ikuthera pakhomo pomwepo.

Pali ena amene amati, "Ine kompyuta imandivuta." Ameneyo muuzeni akhale pa mpando, manja ake pa kompyuta, inu muime pambali mphindi makumi awiri mukumulozera. Kamodzi kokha. Wofuna kuphunzira amakhala pansi. Wofuna wantchito waulere amakumbuka mwadzidzidzi kuti ali ndi foni yoti aimbe.

Za maminitsi, tiyi ndi chipepeso, kukana nokha sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mukakana inu zimagwera mtsikana wina, makamaka wongoyamba kumene amene akuopa kuti samuwonjezera kontirakiti. Ofufuza aja adalangiza kuti ntchito zotere zisamadikire wodzipereka, zizizungulira. Ndiye pa msonkhano wa Lolemba nenani poyera: "Maminitsi ndalemba miyezi isanu ndi umodzi. Ndikupempha tipange ndandanda, sabata iliyonse munthu wake." Mufike nayo ndandandayo mutailemba kale, maina onse alimo, a amuna omwe, ndipo mukhale mutapangana ndi mnzanu mmodzi woti avomereze mukangomaliza kulankhula. Ikamatidwa pakhoma, tsiku la wina likafika iye n'kukhala duu, inu musatole cholembera. Chete ameneyo amawawa, ndikudziwa, koma ndi mphindi ziwiri zija za batani.

Sindikunamizani kuti akuomberani m'manja. Masabata oyamba mudzamva kuti mwayamba matama, mwasintha, mwina moni adzachepa. Chimene muyang'anitsitse ndi china: ngati ayamba kukuchotsani pa maulendo a kumudzi, kukubisirani misonkhano, kapena kukuopsezani za kontirakiti, zimenezo lembaninso m'kakope muja ndi masiku ake, mupite nazo kwa woona za antchito pa bungwe lanu. Zikakanika pamenepo, ofesi ya leba ya m'boma lanu imalandira madandaulo a antchito. Lamulo lomwe lija limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48, ndipo owonjezera pa tsiku wamba la ntchito amalipiridwa ola limodzi ngati ola ndi theka. Koma ovataimu imene mwagwira mobisa, pothandiza mnzanu bwana asakudziwa, idzakuvutani kuitsimikiza, n'chifukwa chake kakope kaja ndi mauthenga a pa foni aja muzisunga.

Kuthandizana sikuthe ayi. Namwino amasinthana shifiti ndi mnzake, mphunzitsi amagwirira kalasi ya mnzake amene wapita ku maliro. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko zimabwerera. Ndiye nanu mukavomera, nenani mtengo wake nthawi yomweyo: "Ndikulowetserani mafomu a lero, inu mudzanditengere a ku Ulongwe Lachinayi." Lachinayi likafika, mukumbutseni.

Amene muli ndi mafunso, kwezani manja tiyambe kumbuyoko.