Imelo Yaifupi: Pempho Limodzi ndi Tsiku Lake

Lero tikambe za kalata ya imelo imene imatalika, nizungulira, mpaka woilandira sadziŵa chimene akufunsidwa kuti achite.

Tiyerekeze kuti mlembi wa kalabu ya alimi akulembera msungichuma. Wayamba ndi malonje a mizere isanu. Kenaka wafotokoza za mvula imene yayandikira, wadandaula kuti mamembala ena sanafike kumsonkhano, wakumbutsa za malisiti a chaka chatha, ndipo m'ndime yachinayi ndimo watchula kuti mwini lole akufuna K450,000 kuti akatenge feteleza kutauni. Watsiriza ndi mau akuti, "Tiuzeni maganizo anu mwamsanga." Papita masiku atatu, yankho kulibe, ndipo mlembi wayamba kunena kuti msungichuma ndi wamwano.

Koma taganizirani m'mene kalatayo inafikira. Ambiri amaŵerenga imelo pafoni ya m'manja, ndipo asanaitsegule amaona dzina la wotumiza, mutu wake ndi mau oyamba ochepa chabe. Msungichumayo anaona malonje, naganiza kuti adzaŵerenga madzulo. Ataŵerenga anapezamo nkhani zinayi, ndipo sanadziŵe ngati maganizo ofunidwawo ndi a malisiti, a msonkhano kapena a lole.

Ntchito yoyamba, tsono, ndiyo kudzifunsa musanakhudze foni: munthuyu akatha kuŵerenga, ndikufuna achite chiyani? Yankho likhale mneni mmodzi: avomereze, atumize, asaine kapena asankhe. Kwa mlembi wathu mneniwo ndi "avomereze", pakuti feteleza sangadikire monga angadikirire malisiti. Nkhani zotsalazo sizitayidwa ai. Malisiti adzakhala ndi imelo yawoyawo tsiku lina. Mukaika mapempho atatu m'kalata imodzi, kaŵirikaŵiri munthu amayankha lopepukalo, nakhulupirira kuti wathana nanu.

Tifike pa mau aja akuti "mwamsanga". Kwa wolemba amatanthauza lero, pamene kwa woŵerenga wotanganidwa angatanthauze sabata yamaŵa. Ngakhale "maŵa" ndi mau osadalirika, popeza simudziŵa tsiku limene kalata idzatsegulidwe. Lembani dzina la tsiku, deti ndi ola, ndipo onjezani chifukwa chake. Tsiku lopanda chifukwa limamveka ngati lamulo lochokera kwa wamng'ono, koma chifukwa chikatchulidwa woŵerenga amaona yekha chimene chidzaonongeke akachedwa. Ndiponso dzisiyireni mpata: ngati mwini lole akufuna yankho Lachisanu, inu pemphani lanu Lachinayi.

Tamverani tsono kalata ija italembedwanso. Pamalo a mutu, polembedwa Subject, pali mau aŵa: "Chilolezo cha K450,000 ya lole, pofika Lachinayi pa 6 Novembala." Ndipo mkati mwake muli izi:

"Wokondedwa Mayi Msungichuma, ndikhulupirira muli bwino. Ndikupempha kuti muvomereze kulipira K450,000 kwa mwini lole yokatenga feteleza wa kalabu. Chonde ndiyankheni pofika Lachinayi pa 6 Novembala, 12 koloko masana, chifukwa tikapanda kumutsimikizira Lachisanu m'maŵa lole idzapita kwa ena. Kalata yake ya mtengo ndaiphatika pa imelo ino. Ine wanu, Mlembi."

Mwaona kuti ulemu sunachoke. Ena amaopa kuti kalata yaifupi ndi chipongwe kwa akuluakulu, ndipo nkhaŵa imeneyi si yachabe, pakuti munthu salowa m'nyumba ya mnzake osapereka moni. Koma moni wa mzere umodzi ngwokwana, ndipo mau akuti "ndikupempha" ndi "chonde" asenza ulemu wonse wofunika. Chimene chachoka ndi mvula, madandaulo ndi mbiri imene mayiwo akuidziŵa kale. Chimene chatsala ndi zokhazo zowathandiza kugamula: ndalama zingati, zopita kwa yani, zochitira chiyani.

Samalaninso za amene mukumutumizira. Mukaika maina a komiti yonse pamalo olembedwa To, aliyense adzayesa kuti mnzake ndiye ayankhe. Pamenepo pakhale dzina la munthu mmodzi woyenera kuchitapo kanthu. Wapampando ndi ena ongofunika kudziŵa aikidwe pa Cc.

Musanatumize, bisani kalata yonse ndi dzanja, musiye mutu ndi mizere iŵiri yoyamba. Ngati pempho silikuoneka pamenepo, likwezeni. Kenaka yesani kuiyankha nokha: kalata ya mlembi wathu ingayankhidwe ndi "Inde, lipirani" kapena "Ai, mtengo wakwera".

Pali nkhani zina zimene njirayi siziyenera. Ngati msungichuma ndi mlembi anasemphana mau pa za ndalama zomwezi, mizere inayi idzamveka youma, ndipo ndi bwino kuyamba mwaimba foni kapena kuonana. Imelo idzabwere pambuyo pake, kudzasunga chimene mwagwirizana ndi tsiku limene mwapangana.