Kukoka Zinthu ndi Maganizo, ndi Pemphero la Mkristu: Phunziro la ku Umlazi

Pakati pa ana a mpingo amene ali pa ulendo wa ntchito ku Umlazi, kummwera kwa mzinda wa Durban, pamveka chiphunzitso chonena kuti maganizo a munthu ali ndi mphamvu yokoka chimene awaganizira. Atsogoleri a mpingo ayenera kuchizindikira bwino, pakuti chimabwera chitavala mau a m'Malembo.

Muzu wake uli ku Amereka, m'maphunzitso a Phineas Quimby amene anamwalira mu 1866. William Walker Atkinson analemba buku la lamulo la kukoka mu 1906, ndipo mu 2006 Rhonda Byrne analifalitsa ponseponse ndi buku lake lotchedwa The Secret. Iye aphunzitsa masitepe atatu: kupempha, kukhulupirira kuti chinthucho chafika kale, ndi kulandira, ndipo atsamira pa Mateyu 21:22. Koma wopemphedwayo ndi chilengedwe chonse, chimene chiyerekezedwa ngati nyese yokoka zitsulo. Nyese siimva, siikonda, ndiponso siingathe kukana.

Chitsanzo ndi ichi. Mnyamata wochokera ku Mangochi achita lendi kachipinda ku Umlazi, nalakalaka ntchito ku mafakitale a ku Prospecton. Atsata njira ina yofala pa mafoni: alemba m'kope kuti ntchito waipeza kale, katatu m'mawa, kasanu ndi kamodzi masana, kasanu ndi kanayi usiku. Auzidwa kuti asatchule umphawi wake, ngakhale mantha ake a mapepala, kuti angadzikokere tsoka. Tsono mu Epulo 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal, anagumula nyumba ku Umlazi, ndipo fakitale ya Toyota ku Prospecton inatsekedwa miyezi ingapo. Kodi chiphunzitso chija chimuuza chiyani mnyamatayo? Yankho lake ndi limodzi lokha: anakayika, ndipo anadzikokera yekha chigumula. Wovutika asenzetsedwa katundu pawiri, tsoka ndi mlandu wa tsokalo. Awa ndi maweruzo a abwenzi a Yobu, amene Ambuye anawakana pa Luka 13:4 ponena za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera.

Chiphunzitso chakale chiyenda njira ina. Katekisimu Wamfupi wa Westminster wa 1647, pa funso 98, aika zofuna za munthu pamaso pa Mulungu, koma azimanga ndi zingwe zinayi: zikhale zogwirizana ndi chifuniro chake, zipemphedwe m'dzina la Kristu, pamodzi ndi kuulula machimo, ndi kuyamika zifundo zake. Wopemphedwa pano ndi Atate wamoyo, amene angathe kupatsa, kuchedwetsa, kapena kukana. Paulo anapempha katatu kuti munga umchokere, ndipo sunachoke. Ambuye mwini m'Getsemane anagonjera chifuniro cha Atate. Palibe anganene kuti iwo anaperewera chikhulupiriro. Augustino, polembera mai wamasiye Proba, anaphunzitsa kuti pemphero silidziwitsa Mulungu kanthu kachilendo, koma likuza mtima wa wopempha kuti ukhoze kulandira chimene Mulungu akonza.

Pa nkhani ya cholinga cha mtima kusiyana kuli kwakukulunso. Makolo a chikhulupiriro anafunsa ngati cholinga chili choyera, monga Yakobo 4:3 adzudzula kupempha kofuna kudzikondweretsa. Ngakhale Asilamu, amene ali ambiri mwa a Malawi a ku Durban, aphunzitsa kuti ntchito iyesedwa ndi cholinga chake pamaso pa Mulungu. Lamulo la kukoka silifunsa za kuyera, lifunsa za mphamvu yokha. Waumbombo ndi wachifundo alingana, malinga aganize kolimba.

Ngakhale pa zipatso zake, lamuloli lipunduka. Gabriele Oettingen ndi Doris Mayer anafalitsa mu 2002 zimene anapeza mwa ophunzira otsiriza sukulu zaukachenjede: amene ankalota kwambiri kuti ntchito aipeza kale analemba makalata ochepa ofunsira ntchito, naitanidwanso mochepa. Mtima wolawiratu chipambano umafooketsa miyendo. Akulu anati kanthu n'khama, ndipo khama limayamba pamene munthu wavomera kuti chinthucho alibe.

Chotero mbusa kapena mkulu wa mpingo, pomva Mkristu akunena za kulengeza ndi kulandira, angathe kuyesa ndi mafunso atatu. Kodi akulankhula ndi yani? Kodi ameneyo ali ndi ufulu wokana? Nanga chinthu chikalephereka, mlandu ugwera yani? Kumene yankho lili lakuti wovutika ndiye wolakwa, pamenepo pemphero lachoka. Mnyamata uja ayenera kuloledwa kutchula mantha ake poyera monga achitira Masalimo a madandaulo, apemphereredwe ndi abale, athandizidwe pogona ndi chakudya, ndipo m'mawa mwake alembe kalata ina yofunsira ntchito.