Mizere itatu yoyambirira: zomwe tidakambirana ndi atsikana olemba mapositi athu

Tulutsani mafoni, lero sitikukuletsani. Tsegulani Facebook, pezani positi yaitali iliyonse, koma musaidine. Mukuona mizere ingapo, kenako timadontho titatu ndi mawu akuti See more. Pa Instagram pamangolembedwa more. Zomwe zili pamwamba pa mawu amenewo ndiye zomwe munthu aliyense wodutsa amaona. Zapansi amawerenga yekhayo amene wadina. Nkhani yathu lero yagona pamenepo.

Tiyambe ndi cholakwa chathu chomwe. Pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza, omwe amayamba pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala, tidalemba positi yofotokoza zoyenera kuchita munthu akagwiriridwa. Idayamba motere: "Moni nonse amayi ndi atsikana okondedwa, kulikonse kumene muli. Tikukhulupirira kuti mwadzuka bwino lero." Kenako tidasiya mzere wopanda kanthu, n'kuyamba kufotokoza mbiri ya masiku 16. Mfundo yakuti munthu afike kuchipatala maola 72 asanathe inali m'ndime yachinayi.

Patapita masiku angapo, mtsikana wina adatilembera ku inibokisi kufunsa kuti mnzake angalandire thandizo lanji kuchipatala. Tsikulo linali lachinayi chichitikireni. Positi yathu adaiona, chithunzi chake adachikumbukira, koma adangowerenga moni uja n'kudutsa. Tidamuuza kuti apitebe kuchipatala chifukwa thandizo lina likadalipo, koma nthawi ya PEP, mankhwala oteteza ku HIV aja, inali itadutsa. Zomwe tidalemba zinali zoona, koma tidaziika pamalo pomwe sadafike.

Malo apamwambawo ndi ochepa kwambiri. Instagram imalola kapishoni ya zilembo 2,200, koma munthu asanadine amaona zilembo pafupifupi 125, ndipo nthawi zina zochepera pamenepo chifukwa dzina la akaunti yanu limadya mbali ya mzere woyamba. Pa Facebook podulira pamasinthasintha: zimatengera kukula kwa foni, kukula kwa zilembo zomwe mwini foni adasankha, komanso ngati positi ili ndi chithunzi. N'chifukwa chake ife sitidalira nambala imodzi. Timangodziuza kuti tili ndi mizere iwiri kapena itatu basi. Ndiye kumbukirani kuti mawu athu a Chichewa ndi ataliatali. "Tikukhulupirira" yekha ndi zilembo 15. Moni wathu uja adadya zilembo zoposa 100 tisananene chilichonse.

Positi ija tidailembanso, ndipo tsopano imayamba motere:

Mwagwiriridwa? Pitani kuchipatala maola 72 asanathe.
Kapempheni PEP, mankhwala oteteza ku HIV.

Mizere iwiri, zilembo zosakwana 100. Muli yemwe tikulankhula naye, chochita, kopita ndi nthawi yake. Ngakhale munthu asadine, wachoka ndi chinthu chimene chingamupulumutse. Zina zonse zidatsikira pansi: kuti PEP amamwa masiku 28, kuti ngakhale munthu atasamba kale apitebe, za mankhwala oteteza mimba, za kupolisi. Moni sitidautaye, tidangousunthira m'munsi. Tikudziwa, kwathu kuno kuyamba nkhani osapereka moni n'kupanda mwambo, ndipo ena mwa ife zidativuta poyamba. Koma munthu akamakuuzani kuti nyumba ikupsa sayamba ndi "mwaswera bwanji".

Ndiye musanalembe, dzifunseni: munthu atawerenga chiganizo chimodzi chokha, achoke akudziwa chiyani? Ngati ndi msonkhano, tsiku, nthawi ndi malo zikhale pamwamba. Ngati ndi nambala yoimbira thandizo, nambalayo ikhale pamwamba. Mahashitagi, kuthokoza otithandiza ndi mbiri ya bungwe zipite kumapeto.

Tibwere ku nkhani yodula mizere. Ambiri timakonda kulemba mutu, kusiya mzere wopanda kanthu, kenako kuyamba nkhani, chifukwa zimaoneka zaudongo. Koma foni imawerenga mzere wopanda kanthuwo ngati mzere wathunthu. Mukakhala ndi mizere itatu, mutu n'kudya umodzi, mpata n'kudya wina, mwatsala ndi umodzi wokha. Chimodzimodzi mzere wa maemoji okhaokha. Choncho pamwamba pa See more dulani mzere kamodzi kokha, chiganizo chachiwiri chiyambire pansi penipeni pa choyamba, popanda mpata. Mipata muiike mukadutsa podulira. Kumeneko ndiye imathandiza, ndime zikhale zazifupi, mizere iwiri kapena itatu, maso apume.

Pali choopsa china chomwe chimatikhudza ife makamaka, amene timalemba zotsutsa mabodza. Tiyerekeze mwalemba kuti: "Anthu ambiri amanena kuti mtsikana wovala siketi yaifupi ndi amene amaputa dala abambo, ndipo akagwiriridwa wazifuna yekha." Mukufuna kupitiriza kuti "koma limeneli ndi bodza". Foni yadula musanafike pa "koma". Wodutsa waona dzina la gulu lathu, pansi pake bodza lomwe tikulimbana nalo. Wina atenga sikirinishoti, waitaya m'gulu la WhatsApp, ndipo kumeneko kulibenso podina kuti aone mapeto. Ndiye tembenuzani. Yambani ndi choona: "Chovala sichigwiririra munthu. Wolakwa ndi wogwiririra." Bodzalo mulitchule pansi, litatsutsidwa kale. Mawu ngati "koma", "ayi" ndi "si zoona" asakhale kuseri kwa See more.

Wina anafunsa m'mawa muja kuti, nanga bwanji osasiya nkhani m'malere kuti anthu achite chidwi adine? Pa nkhani ya moyo wa munthu, monga mayi amene wayamba bizinesi atachoka m'banja la nkhanza, mutha kutero, bola mzere woyamba unene zoona ndipo ngati muli zopweteka muchenjeze mwachidule. Koma pa uthenga wa thandizo, osabisa kanthu. Mtsikana amene ali pamavuto mwina wabwereka foni, mwina amene akumuzunza ali pambali pake, mwina bandulo ikutha. Sitingamuuze kuti adine kaye.

Pomaliza, yesani musanatulutse. Pa akaunti yanu ya Facebook ikani positiyo mutasankha Only me, ndi chithunzi chomwecho chomwe mudzagwiritse ntchito, muone pomwe yadukira. Muione pa foni yaing'ono yotchipa, osati pa laputopu, chifukwa pa laputopu mizere imatalika ndipo mumanamizika kuti zonse zikuoneka. Kenako mpatseni mnzanu amene sanaione, asadine, mumufunse kuti wamva chiyani ndipo achite chiyani. Akayankha kuti "mukunena za nkhanza" basi, positiyo sinakonzeke. Akayankha kuti "ndipite kuchipatala maola 72 asanathe", itulutseni. Ikatuluka muyang'anenso kamodzi, ngati yadukira poipa dinani Edit mukonze nthawi yomweyo anthu asanayambe kusheya.

Tsopano aliyense apeze positi yake yaitali yomaliza. Phimbani ndi chala zonse za pansi pa mzere wachitatu, muwerenge mokweza zotsalazo kwa amene mwakhala naye pafupi. Tikupatsani mphindi khumi, kenako tilembenso limodzi zitatu mwa izo.