Tiki imodzi si kukanidwa ayi

Ndajambula mawu chifukwa nkhaniyi yandikhudza, ndipo kulemba sindikanaitha. Achimwene amene munadandaula usiku uja kuti mtsikana wa ku Dedza wakhala chete kuyambira Lachiwiri, ndikuyankhula ndi inu, koma enanu mvetseraninso, poti ambiri m'gulupu muno mitima ili kumudzi pamene matupi ali kuno ku Joni.

Mwati mumalondera usiku, kulowa 6 koloko madzulo, kuweruka 6 koloko m'mawa. Iye amagulitsa mushopu pa tauni, koma amagona kumudzi kopanda magetsi. Tsono tiyeni tiliyale tsiku lanu pambali pa tsiku lake. Malawi ndi kuno wotchi ndi imodzi, sitisiyana ngakhale mphindi, komabe anthu awirinu mukukhala ngati muli m'maiko otalikirana nthawi. Inu mumakhala ndi mpata cha m'ma 2 koloko usiku, pageti pali zii, mtima n'kuyamba kulakalaka wocheza naye. Nthawi imeneyo iye ali m'tulo. M'mawa akamadzuka kukatunga madzi ndi kuthamangira kuntchito, inu muli mu takisi, maso akulemera. Masana inu mwagona, iye ali pa kauntala, ndipo mabwana ambiri safuna kuona wantchito akudinadina foni kasitomala ataima. Akaweruka cha m'ma 5 koloko, inu mukuvala yunifolomu. Ndiye mukawerenga bwino, nthawi imene nonse muli maso komanso manja ali omasuka mwina ndi ola limodzi lokha, lamadzulolo. Maola 12 amene inu mumakhala mukuyang'ana foni, iye sakudziwa n'komwe kuti pali amene akudikira.

Chachiwiri, phunzirani kuwerenga timatiki tija musanayambe kuwerenga mtima wa munthu. Mukaona kawotchi pansi pa meseji, ndiye kuti sinachoke n'komwe mufoni mwanu, vuto lili kwa inu. Tiki imodzi yotuwa ikutanthauza kuti yachoka kwa inu koma siinalowe mufoni mwake: foni yazima, bandulo yatha, kapena netiweki kulibe. Ziwiri zotuwa, yafika. Ziwiri za buluu, waitsegula. Ena anazimitsa za buluuzo, choncho kwa iwo zimangothera pa zotuwa ngakhale awerenge.

Achimwene, pa chithunzi chimene munatiponyera paja pali tiki imodzi. Imodzi yokha! Mtsikanayo mawu anu sanawaone. Mukumukwiyira chifukwa cha kalata imene ikadali m'njira. Amene tinakulira kumudzi tikudziwa mmene zimakhalira: foni umakaisiya pa tcharaji kwa wometa kapena kwa wa sola, ulipire, ukaitenge madzulo. Kukachita mitambo masiku awiri, sola ija siikoka. Magetsi akazima pa tauni, onse otchaja agwira m'chiuno. Ndiye pali midzi ina yoti netiweki umachita kukaifuna pachulu kapena kumsewu, ndipo mtsikana sangatuluke mdima kukaima pachulu kuti ayankhe "wadya chiyani".

Wina afunsa kuti, nanga akakhala kuti wandibuloka? Nayonso imaonetsa tiki imodzi, zoona. Koma imabwera ndi zinzake: chithunzi chake chimasowa, last seen osaoneka, ukaimba siilowa, ndipo tikiyo siisintha ngakhale papite sabata. Ngati nkhope yake ikuonekabe ndipo tsiku lina matiki onse agwa awiriawiri nthawi imodzi, ameneyo anangosowa bandulo.

Pamene ambiri timapsera mtima ndi apa: mwamuona ali online koma sakuyankha. Taganizani. Wagula kabandulo ka WhatsApp ka tsiku limodzi patatha masiku atatu. Akangoyatsa deta, zonse zimakhuthukira pamodzi: gulupu ya kutchalitchi, ya banki m'khonde, uthenga wa maliro, amalume akufunsa za feteleza. Pakati pa zonsezo apeze mameseji anu 15, oyamba okoma, apakati odandaula, omaliza akuti "ngati sukundifuna ungonena". Munthu amene amabwera ndi chimwemwe kuti aone zimene mwalemba, akupeza mlandu umene sanapalamule. Ayambire pati? Ambiri amangotseka, kuti ndiyankha ndikapeza mawu, ndiye kuchedwa kuja kwawonjezekanso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani iyi ananena zoona.

Tsono muzichita chonchi. Pa shifiti yonse tumizani uthenga umodzi, koma wonona, woti akautsegula aseke. Musamafunse mafunso ofuna yankho la pompopompo. Muuzeni kanthu kamene mwaona. Mwachitsanzo: "Kuno kwazizira moti galu wa abwana wavala juzi yoposa yanga. Ndakumbuka mbatata yootcha ya ku Dedza. Ukadzuka undiuze ngati chisanu cha kwanu chikuposa cha kuno." Mwaona? Muli nthabwala, muli kumukumbuka, muli ndi kakhomo koti alowerepo nthawi iliyonse, kaya m'mawa kaya mkuja. Akayankha mochedwa, musayambe ndi "unali kuti". Munene kuti, "Eee, mlendo wafika! Dikira ndiyale mkeka." Iye yekha adzafotokoza za foni yake, mosaumirizidwa, ndipo adzadziwa kuti kwa inu kulibe bwalo la milandu.

Muzimuganiziranso pa zimene mukutumiza. Inu mwina muli pa waifai ya kuntchito, simumva kupweteka. Mawu olemba sadya kanthu, voisi yaifupi imadya pang'ono, koma vidiyo ndi kuimbirana koonana nkhope zimamaliza kabandulo kake msanga. Linki ya TikTok kapena YouTube, pa bandulo ya WhatsApp yokha siitseguka n'komwe, ndipo mwina achita manyazi kukuuzani. Mukafuna kumva mawu ake, imbani ya mawu okha, ndipo nonse muyatse pamene palembedwa Use less data for calls, mu Settings, pansi pa Storage and data. Koposa zonse, pangana nayeni nthawi. Mufunseni kuti, "Kodi Lamulungu ukaweruka kutchalitchi umakhala ndi mpata?" Tsiku limodzi lodziwika limachotsa nkhawa ya masiku ena onsewo, ndipo iye amadziwiratu tsiku losungira batire ndi bandulo.

Za kumugulira mayunitsi, ndinene mosabisa. Kumuthandiza si kulakwa, koma mufunse kaye, ndipo mukatumiza muiwale. Mukayamba kunena kuti "ndakugulira bandulo koma sukuyankha", mwasandutsa chibwenzi kukhala ngongole, ndipo mtsikana wodzilemekeza adzakubwezerani ndalama yanu n'kukusiyani.

Sindikunena kuti muzidikira mpaka kalekale ayi, kudekha kuli ndi malire ake. Musayang'ane liwiro la yankho, yang'anani chimene chili m'yankhomo. Wokufunani, ngakhale abwere patatha masiku atatu, amabwera ndi nkhani. Amayankha za galu wa juzi uja, amakufunsani ngati mwagona mokwanira, nthawi zina amayamba ndi iyeyo, kapena kungofulasha kuti mudziwe kuti alipo. Koma ngati matiki akusanduka a buluu tsiku ndi tsiku, masitetasi akusintha, inu n'kumangolandira "ok" kwa masabata awiri, osakufunsani kanthu ngakhale kamodzi, kapena amangotulukira kumapeto kwa mwezi, pamenepo netiweki musainamizire. Mufunseni kamodzi, mwaulemu, kuti kodi akufuna muzichezabe. Chimene anene muchilandire, osamutukwana, osatumiza anzanu kuti akamufufuze.

Kwa inu achimwene, lero musalembenso china pamwamba pa 15 aja. Omaliza aja, a "ungonena", afufuteni ndi Delete for everyone pamene akadali pa tiki imodzi, nthawi yake isanadutse. Adzaona kuti pali zimene mwafufuta, ndipo akakufunsani mumuuze zoona, kuti tulo ta usiku tinakusokonezani ndipo munamusowa. Kenako mumufunse za Lamulungu lija.