Mawu a Mphunzitsi: Bwato la Shuga ndi Mchere

Kwa aphunzitsi: Mawu awa tiwalankhule modekha, osapitirira mphindi imodzi, titanyamula supuni yaing'ono ya tiyi kuti onse aione.

Amayi ndi abambo, mwana akatsekula m'mimba, chimene chimamupha msanga ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Nanga n'chifukwa chiyani timathiranso shuga m'madzi omupatsa?

Tonse tikulidziwa bwato loolotsa anthu pamtsinje. M'matumbo mwathu muli timabwato totere, toolotsa zakudya kupita nazo m'magazi. Koma mwini bwato ali ndi lamulo lake: sapalasa pokhapokha shuga ndi mchere atakwera onse awiri. Mchere ukafika wokha, umangodikira padooko. Awiriwa akaoloka, madzi amawatsatira, ndipo mwana amayamba kutsitsimuka.

Choncho, ngati tilibe paketi ya kuchipatala, titenge lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Tithiremo masupuni a tiyi 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni ya mchere. Tisapyole muyeso. Shuga akachuluka, wotsala padooko amakokera madzi m'matumbo, ndipo kutsekulako kumanyanya. Mchere ukachuluka umavulaza mwana. Timwetse pang'onopang'ono, osaleka kuyamwitsa. Maso akalowa m'kati, kapena mwana akalephera kumwa, tithamange naye kuchipatala.

Funso lokambirana: Kodi tingayeze bwanji lita imodzi ndi ziwiya za pakhomo pathu?