Akanena Kuti "Palibe Kanthu"

Zikomo akuchimuna amene mwachokera ku Petauke, zikomo anansi athu a kuno ku Nyimba. Alangizi anamaliza kale mbali yawo kuchipinda, abusa nawonso atidyetsa mawu. Ine monga malume wa mkwatibwi, amenenso ndasenza unkhoswe wa banjali, ndili ndi nkhani imodzi yokha. Inu akamwini, ndi iwe mwana wa mlongo wanga, tcherani khutu.

Mudzakangana, zimenezo n'zosachita kufunsa. Koma milandu imene imatisowetsa tulo ife ankhoswe kawirikawiri si ya mkangano umene anthu a nyumba yoyandikana anaumva. Ndi ya mawa lake, pamene wina wafunsa kuti, "Kodi mukadali okwiya?" mnzake n'kuyankha kuti, "Iyayi, palibe kanthu, zinatha," kenako n'kutembenukira kukhoma. Pakamwa pakuti zinatha, pamene nyumba yonse ikuti zikadalipo.

Ndikuuzeni za banja lina limene ndinakhalira nkhani yake, maina ndisunga. Mkazi ankagulitsa nthochi pamsewu waukulu uwu, pamene mabasi a ku Lusaka ndi ku Chipata amaima. Mwamuna anali mlimi. Chaka chimenecho anakolola bwino, anapereka matumba ku FRA, ndalama zitabwera anatapapo zina n'kubwereketsa mng'ono wake osamuuza mkazi. Nthawi yogula feteleza itakwana, ndalama zinaperewera. Mkazi anafunsa, mawu anakwera, ndipo mwamuna anati, "Iwe wa nthochi ungandiwerengere ndalama za chimanga changa?" Ananena zimenezi pakhonde, mayi ake ndi mlamu wake ali pomwepo.

Patapita masiku mng'ono uja anabweza ndalama, feteleza anagulidwa. Mwamuna anati, "Waona? Zabwera. Nkhani yatha?" Mkazi anati, "Yatha."

Tsono onani zimene zinatsatira. Nsima inkapsa pa nthawi yake, madzi osamba ankaikidwa kubafa, zovala zinkachapidwa. Palibe ntchito imene mkazi anaisiya, ndiye mwamuna analibe pomugwirira. Koma kale ankadyera pamodzi, tsopano mkazi ankati, "Idyani, ine ndalawa kale kukhitchini." Kale akachokera kumsewu ankakhuthula ndalama pamphasa, n'kumawerenga onse awiri uku akusimba za makondakitala ndi anthu apaulendo. Tsopano ankamanga ndalama pansonga ya chitenje n'kulowa m'nyumba. Chachikulu n'chakuti ulemu unachuluka. Mkazi amene ankamutchula mwamuna wake dzina lachibwana anayamba kugwada patali, "Bambo, chakudya chapsa," ngati akulandira mlendo wochokera kwa a Kalindawalo. Mwamuna ankauza anzake kuti mkazi wake wafatsa masiku ano. Sanadziwe kuti ulemu umenewo unali mpanda.

Pamenepa pali phunziro loyamba. Mnzako usamuyeze ndi mkazi wa mwini kapena mwamuna wa mwini, umuyeze ndi mmene iye mwini amakhalira masiku onse. Munthu wofatsa chibadwire akakhala chete, palibe chachilendo. Koma wolongolola akafupikitsa mawu, kapena wanthabwala akayamba ulemu wa kubwalo la mfumu, pali kanthu. Musayang'ane ntchito zimene mwambo umamukakamiza, chifukwa mwana wolangizidwa bwino amaphika ngakhale mtima ukuwawa, ndipo mwamuna wamanyazi amasiya ndalama ya ndiwo ngakhale atakwiya. Yang'anani tinthu timene ankachita popanda womutuma: kukusungira nkhoko za nsima, kukuyimbira foni masana popanda nkhani, kukuuza zimene waona panjira. Timeneto ndi timene timayamba kusowa.

Nkhani ija inandipeza patapita miyezi, mkazi atapempha kuti akaone amayi ake kumudzi n'kuchedwa kubwerera. Nditakhala naye pansi, za ndalama sanazitchule n'komwe. Anati, "Anandichepetsa pamaso pa apongozi. Nthochi zimene ananyozazo ndi zimene zimagula sopo, mchere ndi mayunifolomu a ana." Mwamuna anadabwa zenizeni. Iye anakonza nkhani ya ndalama, koma bala linali pa mawu aja ndi pa anthu amene anawamva. Ndiye mkazi ponena kuti yatha sananame kwenikweni. Anamufunsa za ndalama, anayankha za ndalama. Za chipongwe palibe anamufunsa.

Mukaona mpata pakati pa mawu ndi zochita, dzifunseni kaye: kodi chimene ndapepesa ndi chimene chinamupweteka? Kumbukirani mkangano wonse, osati mutu wake wokha. Panali ndani? Ndinatchula makolo ake? Ndinamukumbutsa kuti sanapite patali ndi sukulu, kapena kuti ndalama zake n'zochepa? Kawirikawiri chimene chimatsalira mumtima ndi mawu amene anadutsa m'mbali.

Komanso kukhala chete sikufanana konse, musakupatse mankhwala amodzi. Pali chete wa munthu amene akuziziritsa mtima. Ameneyu akuopa kuti akatsegula pakamwa atulutsa mawu oti adzanong'oneza nawo bondo. Mumamudziwa chifukwa tsiku lililonse amafewerako: dzulo sanakuyang'aneni, lero wafunsa ngati mbuzi zalowa m'khola, mawa waseka pang'ono. Ameneyu musamuumirize. Mukamamutsata kukhitchini, kudimba, kuchitsime ndi "tanena, tanena," mudzutsa mkangano wachiwiri woposa woyamba. Pali chete wa munthu amene akudikira kuti muzindikire nokha, ngati mayi wa nthochi uja. Ameneyu masiku akamapita safewa, amaumirako, ndipo ulemu umakula. Mukamusiya kuti nthawi imuchiritse, iye amawerenga tsiku lililonse ngati umboni wakuti simusamala. Choncho musaweruze ndi nkhope ya tsiku limodzi. Onani kumene zinthu zikulowera pa masiku awiri kapena atatu.

Kafunsidwe kake nakonso n'kofunika. "Kodi wakwiya?" ndi funso loipa, chifukwa kwathu kuno mwana amaleredwa kuti asavomere mkwiyo pamaso pa munthu amene amamulemekeza. Yankho lake ndi "iyayi" basi. "Vuto lako n'chiyani?" ndiye loipitsitsa, chifukwa mwamuika kale pamlandu. M'malo mwake nenani chimene mwaona ndi chimene mukuchikayikira mwa inu nokha. Mwamuna uja akanati, "Mayi, ndaona kuti sitikudyeranso pamodzi. Ndikuganiza kuti mawu aja a nthochi, amene ndinanena amayi ali pomwepo, anakupwetekani. Ndinalakwa." Akatero wamuchotsera mnzake katundu woyambitsa nkhani, chatsala n'kungovomera kapena kukonza. Mukatha kunena, khalani chete. Musadzaze mpatawo ndi zifukwa zanu. Ndipo akayamba kulankhula musamudule ndi "koma iwenso," chifukwa mukatero chitseko chimene chinayamba kutseguka chitsekedwanso, ulendo uno ndi mpiringidzo.

Nthawi yake isakhale pamene munthu wangofika kuchokera kumunda ndi njala, isakhale pamaso pa ana kapena apongozi, ndiponso isakhale pa foni. Inu akamwini, ntchito yanu idzakuyendetsani pakati pa Petauke ndi kuno. Uthenga wa pa foni wakuti "ok" mulibe nkhope, mulibe mawu, mudzaumasulira molakwa muli pa basi. Dikirani mufike. Ndiponso chitenje chatsopano si kupepesa. Mugule ndithu, mwana wathu amakonda zitenje, koma chibwere pambuyo pa mawu. Chikabwera m'malo mwa mawu adzachilandira ndi manja awiri, adzathokoza, n'kuchiika pansi pa sutikesi.

Tsopano iwe mwana wanga, usaganize kuti ndikunena amuna okha. Amuna nawonso amati "palibe kanthu," kenako n'kumachedwa pa nsolo mpaka mdima, kapena kugona ndi malaya. Mwamuna wako akadzatero, njira ndi yomweyi. Koma ndikuuzenso za mbali ya wokhala chete, chifukwa ndimakudziwa kuyambira uli wakhanda, ukakwiya umasesa pabwalo kawiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwamuna wako si mlauli woti aziombeza mtima wako. Ngati sunakonzeke kulankhula, usanene kuti zatha. Unene kuti, "Mtima wanga sunakhale pansi, tikambe mawa madzulo." Mawu amenewo ndi oona, ndipo amamupatsa mnzako tsiku loyembekezera. Mawa likafika, usunge lonjezo. Koma kunena kuti palibe kanthu uku ukumulanga ndi chete kwa mlungu wathunthu, kumeneko n'kumuzenga mlandu munthu osamuuza chimene wapalamula.

Musaiwalenso kuti si kuzizira kulikonse kumene kumachokera pa mkangano. Munthu akhoza kukhala ndi malungo akuyamba, mayi akhoza kukhala ndi pakati pongoyamba, bambo akhoza kukhala ndi ngongole imene akuchita nayo manyazi. Mukafunsa bwino kawiri, iye n'kunenabe kuti si inu, mukhulupirireni, ndipo mufunse za thupi ndi za m'thumba.

Pali chete wina amene sindifuna kudzamuona m'nyumba mwanu, chete wa mantha. Munthu akamati "ndili bwino" uku akudzidzimuka mnzake akakweza dzanja, akamabisa nkhope, akasiya kupita kwa abale ake, pamenepo sitikunenanso za kuwerenga mtima. Kumenya si mwambo wa Ansenga, si chilango, ndi mlandu. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2011, ndipo kupolisi kuli a Victim Support Unit. Ine nkhoswe sindidzabweza mwana kunyumba yotere ndi mawu akuti pirira. Akuchimuna mwandimva, ndanena pagulu kuti pasadzakhale wodabwa.

Nanga ife ankhoswe mutiitane liti? Osati pa mkangano uliwonse, mungatitopetse, ndipo nkhani ikatuluka m'nyumba imabwerera itanenepa. Koma mukayesa kukamba kawiri kapena katatu osaphula kanthu, mlungu n'kutha wina akudyabe payekha kapena akugona pamphasa, itanani. Musadikire kuti wina anyamule katundu. Banja la nthochi lija linabwererana, koma mwamuna anachita kukapepesa pakhonde lomwe lija, mayi ake ndi mlamu wake atakhala pomwepo, chifukwa chipongwe cha pagulu sichitha ndi kupepesa kwa kuchipinda. Akanafunsa bwino mlungu woyamba, sakanalipira thiransipoti ya ankhoswe awiri ndi nkhuku.

Mukadzaitana, muyambe ndi nkhoswe wa mnzanuyo. Inu akamwini mubwere kwa ine, iwe upite kwa ankhoswe a ku Petauke, kuti pasaoneke ngati aliyense wathamangira kwawo kukasonkhanitsa asilikali. Nambala zathu muli nazo nonse awiri. A tcheyamani, ndathera pamenepa, aitaneni akuchimuna nawonso alankhule nsima isanazizire.