Mankhwala akafooketsa za m'nyumba, musasiye kumwa

A Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo a kuno kwa Chowe, ana tawatumiza kukasewera chifukwa nkhani yalero ndi ya akuluakulu. Pepani, ndilankhula mosapsatira.

Alipo abambo amene anayamba kumwa mankhwala a bipi, ndipo mphamvu za m'nyumba zinachepa. Anthu amangoti anagwa mu mpapaya, pomwe mayi akuganiza kuti kwabwera wina. Nthawi zina gwero lake ndi mapiritsi. Yang'anani m'buku lanu la kuchipatala. Ngati munalembedwa HCTZ, aja okodzetsa, kapena atenolo ndi pulopulanolo, amene amachedwetsa kugunda kwa mtima, dziwani kuti kwa ena amachititsa kuti chida chisadzuke bwino. Fuluokisetini ndi amitiriputilini, operekedwa pa matenda a kukhumudwa, amathanso kuchepetsa chilakolako kapena kuchedwetsa kumaliza. Izi zimagwera amayi ndi abambo omwe.

Koma bipi payokha imawononga timitsempha topititsa magazi kumeneko, shuga ndi fodya chimodzimodzi. Kukhumudwa nakonso kumachotsa chilakolako. Ndiye tisiyanitsa bwanji? Yang'anani nthawi. Tiyerekeze bambo wa zaka 50 amene zonse zinali bwino, anayamba atenolo mu Januwale, vuto n'kuyamba mu Febuluwale. Pamenepo tikayikira mankhwala. Koma ngati mphamvu zakhala zikutsika pang'onopang'ono kwa zaka, mankhwala asanayambe, tikayikira matendawo.

Bambo uja akangosiya yekha atenolo, mtima umathamanga, bipi n'kukwera mwadzidzidzi, ndipo akhoza kufa ziwalo. Wosiya mankhwala a kukhumudwa matenda amamubwerera. Choyenera n'kutenga buku ndi mapaketi onse, kupita kumene amalandira mankhwala, kaya ku Malindi kapena ku chipatala chachikulu cha Mangochi, n'kunena kuti: "Adokotala, chiyambire mankhwala awa mu Januwale, za m'nyumba sizikuyenda. Kodi alipo ena?"

Alipodi. Dokotala akamuyeza bipi ndi shuga, akhoza kutsitsa mlingo pang'onopang'ono ndi kumupatsa amulodipini kapena enalapulo, amene kawirikawiri sasokoneza mbali imeneyi. Nawo ali ndi zawo: amulodipini amatupitsa mapazi kwa ena, enalapulo amabweretsa chifuwa chouma ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa. N'chifukwa chake simubwerekana mapiritsi. Akakusinthirani, dikirani milungu ingapo ndipo mubwererenso pa tsiku limene akuuzani.

Muwauzenso adokotala ngati mukutafuna gondolosi kapena munagula mapiritsi owonjezera mphamvu pamsika. Mapiritsi amenewo akakumana ndi mankhwala ena a mtima, bipi imatsika koopsa.

Amayi, ngati abambo akuchita manyazi, aperekezeni. Amene ali ndi funso la payekha andipeze tikabalalika, abwere ndi buku lake tiwerengere limodzi.